Ndilembe chiyani pansi pa zithunzi za mnzanga wa ku Kolombiya?

Chikondi B.: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi mnzanga wamkazi wa ku Medellín, ku Kolombiya, tinkagwira limodzi ntchito. Waika zithunzi zitatu: china ali kunyanja ku Cartagena, china ali patebulo ndi mbale ya chakudya pamodzi ndi makolo ake, chachitatu ndi cha tsiku lolandira digiri. Ndikufuna ndimulembere ndemanga zazifupi m'Chisipanishi. Ndatsegula dikishonale n'kulumikiza izi: "Esta es una imagen muy agradable de usted. Yo la amo." Ndisanatumize, odziwa andionereko. Si chibwenzi ayi, ndi mnzanga chabe, ndipo ali pabanja.

Mayi Nachisale: Mwachita bwino kufunsa musanatumize, achimwene. Palibe liwu lolakwika kalembedwe m'ziganizo zanuzo, koma palibenso munthu wa ku Medellín amene angalembe choncho pansi pa chithunzi. Zikumveka ngati kalata ya ku ofesi. Ndipo chiganizo chachiwiricho n'choopsa: "Yo la amo" munthu angawerenge kuti mukunena chithunzicho, koma popeza mwayamba ndi "usted", angawerengenso kuti "ndimakukondani". Kwa mkazi wa mwini, mwaputa mlandu.

Ndemanga ya pansi pa chithunzi kwa eni chilankhulochi imakhala kufuula kwachidule. Kawirikawiri imayamba ndi "qué", kenako liwu limodzi kapena awiri. Pa chithunzi cha kunyanjacho mukhoza kulemba "¡Qué linda foto!" kapena "¡Qué belleza de lugar!" basi, n'kuikapo kamtima kapena kadzuwa. Choyambacho chikuyamikira chithunzi, chachiwiri chikuyamikira malo. Mukafuna kunena kuti chakusangalatsani, mawu ake ndi "Me encanta". Musaikepo "yo" patsogolo. Iwo "yo" amamuika pamene akutsindika kuti ineyo osati wina, monga ife tikamati "ineyo ndiye". Ndiponso chithunzi chojambula ndi foni ndi "foto", osati "imagen".

Chikondi B.: Zikomo amayi. Koma bwanji "linda foto" pomwe "foto" akuthera ndi o? Ndimayesa o ndi wa mawu achimuna.

Mayi Nachisale: Ambiri amagwera pomwepo. "Foto" ndi chidule cha "fotografía", ndiye amakhalabe wachikazi: "la foto", "linda foto", "bonita foto". Mukalemba "lindo foto" aliyense amva zimene mukunena, koma adziwa pompo kuti walemba ndi mlendo. Ali ndi mnzake wotembenuka, "día", amene amathera ndi a koma ndi wachimuna: "¡Qué lindo día!" Awiriwa muwaloweze pamtima chifukwa pansi pa zithunzi amabwera pafupipafupi.

China chimene chimaulula munthu ndi kuika "una" pambuyo pa "qué". "Qué una linda foto" kulibe m'Chisipanishi, kameneko ndi kamangidwe ka Chingerezi kongovekedwa mawu ena. "Qué muy linda" nayenso kulibe. Mukafuna kuwonjezera mphamvu mumati "¡Qué foto tan linda!" kapena kungoti "Lindísima".

Zuze wa ku Tete: Abale, nkhaniyi musaikulitse. Kwa ife odziwa Chipwitikizi n'zofanana basi. "Que linda" ndi yemweyo uku ndi uko. Pa digiripo lembani "Parabéns amiga, muito linda", amva bwinobwino. Akaika nthabwala mumuseke kkkkk. Zilankhulo ziwirizi ndi za bere limodzi.

Tadala ku Madrid: A Zuze, theka loyamba mwalasa, theka lachiwiri mwaphonya. "Que linda" adutsa ndithu. Koma "parabéns" ndi "muito" akawona angoganiza kuti Chikondi wasokoneza Kolombiya ndi Burazilu. Ndi "muy" osati "muito", ndipo kuseka ndi "jajaja", chifukwa j wawo amamveka ngati h wathu wakukhosi. "Hahaha" ndi wa Chingerezi, "kkkk" ndi wa ku Burazilu ndi wathu kuno kwathu.

Ndipo ubale wa zilankhulozo uli ndi mbuna zake. "Esquisito" m'Chipwitikizi ndi chinthu chachilendo, chosalongosoka. "Exquisito" m'Chisipanishi ndi chakudya chokoma kwambiri. Ndiye wa ku Tete amaopa kulemba liwu limene kwa a ku Kolombiya ndi chiyamikiro.

Zuze wa ku Tete: Chabwino achemwali, "muito" ndabweza. Koma pa kkkkk sindigonja. Aliyense wa pa intaneti amadziwa kuti ndi kuseka.

Tadala ku Madrid: Kudziwa angadziwe, koma funso la Chikondi ndi lakuti zimveke ngati zakwawo. Jajaja basi.

Mayi Nachisale: Tibwerere pa chithunzi cha kunyanja, chifukwa pali pamene pamaterera kwambiri: kuyamikira munthu mwiniwakeyo. Chisipanishi chili ndi aneni awiri pamene ife tili ndi "uli" ndi "ndiwe". "Eres linda" ndi kunena kuti ndiwe wokongola, chibadwire chako. "Estás linda" ndi kunena kuti wakongola lero, pachithunzipa. Kusiyana kwake ndi komwe kuli pakati pa "ndinu okongola" ndi "mwatchena". Mwamuna akauza mkazi wapabanja kuti "mwatchena" palibe amene amatembenuka. Akati "ndinu okongola", anthu amayamba kuyang'anana. Choncho kwa mnzanu wamba, khalani mbali ya "estás".

Koma ku Kolombiya ndi maiko oyandikana nawo, chimene chimamveka chakwawo kwambiri ndi "Te ves muy bien", kunena kuti ukuoneka bwino, kapena "Te ves feliz", ukuoneka wosangalala. Chachiwirichi ndimachikonda chifukwa sichikhudza thupi n'komwe, ndipo ngakhale mwamuna wake atachiwerenga sangapeze pogwira.

Tsopano mverani bwino apa. Musasinthe "bien" n'kuika "buena". "Estás muy bien" n'kale lomwe wayamba kupendekera ku thupi, koma "estás buena" ndi mawu a anyamata a pamsewu poona mkazi akudutsa. Dikishonale ikuuzani kuti "buena" ndi "wabwino", ndipo sikunama, koma akakhala pambuyo pa "estás" tanthauzo limasintha. "Estás caliente" ndiye musayerekeze n'komwe, ngakhale dzuwa la ku Cartagena likuoneka kuti likuswa mtengo. Mukafuna kunena za kutentha kwa malo, ndi "¡Qué calor!"

Kachilembo kamodzi kenanso: "Me gusta" ndi kunena kuti chinthucho chandisangalatsa. "Me gustas", wokhala ndi s kumapeto, ndi kumuuza munthuyo kuti wandidolola. "Me encanta" ndi "me encantas" chimodzimodzi. Muwerenge kawiri musanadine.

Bambo Kamwendo: Pepani ndalowa mochedwa. Ine ndikuona kuti mnyamatayu mukumuchepetsera. Munthu wamaliza sukulu, mungamulembere mawu awiri okha? Alembe kalata yonse: ayambe ndi moni, afunse za makolo, anene kuti kuno tili bwino kaya kumeneko, kenako ayamikire. Amayi Nachisale, mutipatse moni wa m'kalata wa m'Chisipanishi, uja woyamba ndi "Wokondedwa".

Chikondi B.: Ayi bambo, si kalata. Ndi timawu tija timalemba pansi pa chithunzi, pamene aliyense akuwerenga.

Mayi Nachisale: Bambo Kamwendo, ulemu umene mukunenawo uli ndi malo ake, ku uthenga wapadera wa awiri. Kumeneko angayambe ndi "Querida" n'kutsatiza dzina, afunse za makolo mmene mwaneneramo. Koma pansi pa chithunzi, pakati pa ndemanga makumi atatu za mzere umodziumodzi, ndime yaitali imaoneka ngati munthu wavala suti kudambwe. Za makolo zikhoza kulowa m'mawu anayi: "Saludos a tus papás". Kungoti asamale kamzere ka pamwamba pa a womaliza. "Papás" ndi makolo, "papas" ndi mbatata ya kachewere.

Bambo Kamwendo: Kupereka moni kwa mbatata! Chabwino, ndamva. Koma moni wa makolowo asausiye.

Tadala ku Madrid: Ine ndiwonjezere za dziko, chifukwa amayi akupereka za ku Kolombiya ndipo pagulu pano ena anzawo ndi a ku Sipeni. Kuno "linda" amamva koma salemba kawirikawiri. Amalemba "¡Qué guapa!", "Guapísima", "Qué bien sales", kutanthauza kuti watuluka bwino pachithunzi. Chithunzi chokongola amati "Qué chula la foto" kapena "Fotaza". Chinthu chosangalatsa ndi "qué guay". Ku Mekisiko chomwecho ndi "qué padre" kapena "qué chido", ku Kolombiya ndi Venezuwela "qué chévere", ku Ajentina "qué copado" kapena "re lindo". Ukamulembera wa ku Medellín "qué guay", aseka, chifukwa zimamveka ngati munthu wa m'filimu ya ku Sipeni.

Njira yachidule yodziwira n'kuwerenga ndemanga khumi zoyamba za abale ake pansi pa chithunzi chomwecho. Liwu limene labwera katatu, ndi limenelo la kwawo. Mutenge limenelo.

Ndipo pa "guapa" ine ndisiyana pang'ono ndi amayi. Kuno mwamuna kulemba "guapa" kwa mnzake wamkazi, wapabanja kaya ayi, palibe nkhani. Ngakhale wogulitsa buledi amakuitana choncho.

Mayi Nachisale: Pa Sipeni sindikutsutsani, achemwali. Koma Chikondi ndi mwamuna, mlendo, ndipo chithunzicho ndi cha kunyanja. "Guapa" wochokera kwa msuweni wake ndi wochokera kwa mwamuna amene banja silimudziwa salemera mofanana. Ine ndikadali pa "Te ves feliz".

Malangizo owerenga ndemanga za abale ndi abwino, koma ali ndi malire. Anzake a ku Medellín muwaona akulemba "qué chimba" ndi "parce". "Parce" ndi ngati "aise", ndipo "chimba" ndi liwu la achinyamata limene gwero lake ndi lotukwana, moti pamaso pa makolo ambiri salitchula. Muonanso ena akumutchula "gorda", "flaca", "negra" kapena "mona" mwachikondi. Amenewo ndi maina a m'nyumba, mlendo asawatole. "Mona" yekhayo ku Kolombiya ndi mkazi wa tsitsi loyererako, ku Sipeni ndi wokongola mosangalatsa, ndipo m'dikishonale ndi pusi wamkazi.

Zuze wa ku Tete: Apa ndiye pali nkhani. Kwathu munthu ukamuona patapita nthawi umati "mwanenepatu, zikukuyenderani". Ndiye m'Chisipanishi tinene bwanji?

Mayi Nachisale: Osanena n'komwe, a Zuze. "Estás gorda" kapena "engordaste" pansi pa chithunzi cha mkazi, pagulu, ndi chipongwe chenicheni, ndipo kufotokoza pambuyo pake kuti kwathu ndi chiyamikiro sikuchotsa manyazi amene wamva. Zimene mukufuna kunenazo, zakuti moyo ukumukomera, zimatuluka ndi "Se te ve muy bien" kapena "Te ves radiante". Kwa khanda kokha ndi kumene kukula kumayamikiridwa: "¡Qué grande está!" Pamenepo mayi ake asangalala.

Chikondi B.: Ndalemba zonsezo. Nanga cha chakudya chija? Mbale yake ndi yaikulu, muli nyemba, mpunga, dzira lokazinga, peyala, nthochi yokazinga ndi nyama yankhumba. Ndimaganiza zolemba "Qué rica".

Mayi Nachisale: Imeneyo ndi bandeja paisa, chakudya chonyadira cha dera la kwawoko, ndipo mukaitchula dzina mwawina kale. Koma "Qué rica" payekha ayi. Mukanakhala kuti pachithunzipo pali mbale yokha, akanamva kuti mukunena mbaleyo. Tsono iyenso alipo, ndipo "rica" ponena za mkazi ali gulu limodzi ndi "buena" uja. Muli ndi njira ziwiri. Yoyamba, mutchule chinthucho kuti pasakhale kukayika: "¡Qué rica se ve esa bandeja paisa!" Yachiwiri, mugwiritse mawu osaloza munthu: "¡Qué rico!" kapena "¡Qué delicia!" A ku Kolombiya "qué rico" amamunena pa chilichonse chokoma, ngakhale ulendo kapena kupuma, moti pa chithunzi cha kunyanja chija akhozanso kulowa.

Popeza makolo ali pomwepo, mukhoza kuwonjezera "Qué linda familia". Mukafuna kunena onse atatu, pali bambo pakati pawo, ndiye mawu amapita kuchimuna: "Qué lindos". Akanakhala iye ndi mayi ake okha, "Qué lindas". Mwamuna mmodzi pagulu la akazi khumi amatembenuza liwu lonse, ndi mmene chilankhulocho chilili.

Ndiye ndemanga yonse ikhoza kukhala iyi: "¡Qué delicia esa bandeja paisa! Saludos a tus papás". Pofuna kuseketsa muikepo "Guárdame un poquito jajaja", kunena kuti undisungireko pang'ono.

Tadala ku Madrid: Kwa a ku Sipeni chakudya ndi "¡Qué buena pinta!" ndi "Que aproveche". Ndipo gulu kuno timati "Qué guapos estáis", koma "estáis" ameneyo musapite naye kutsidya la nyanja. Ku Amerika konse olankhula Chisipanishi amati "están" kapena "se ven".

Liwu lina loti likhale kuno ndi "coger". Ku Sipeni ndi kutenga chabe, kukwera basi, kugwira chinthu. Ku Mekisiko ndi ku Ajentina ndi kutukwana. Ku Kolombiya amaligwiritsa ntchito bwinobwino, koma ndemanga imawerengedwa ndi anthu a maiko ambiri, ndiye kulipewa sikuluza kanthu.

Chikondi B.: Funso lina amayi. Ine ndinalemba "usted" chifukwa cha ulemu, monga timanenera "inu". Inu mukungolemba za "te" ndi "tus". Sindikhala wamwano?

Mayi Nachisale: "Usted" si "inu" wathu ndendende. Ife "inu" timamupatsa ngakhale mnzathu wapamtima akakhala wamkulu kapena wapabanja, ndipo ubwenzi suchepa. M'maiko ambiri a Chisipanishi, "usted" kwa mnzako wa msinkhu umodzi amaika mpanda, ngati ukumuuza kuti sitinazolowerane. Kolombiya ndi wosiyanako, chifukwa kumeneko ena amanena "usted" ngakhale kwa abale ndi anzawo, ndipo ku Medellín, kuwonjezera pa "tú" amene ndi "iwe", alinso ndi "iwe" wina, "vos". Ndiye muyang'ane mmene iye amakulemberani. Ngati analembapo "¿cómo estás?", wokhala ndi s, bwezani "tú". Ngati amalemba "¿cómo está?", mukhoza kukhala pa "usted", koma mukatero zonse zitsatire: "Se ve muy bien", "Saludos a sus papás". Cholakwika chimene chimaonekera patali ndi kusakaniza, "usted" koyamba "te" kumapeto. "Vos" musiyireni mwiniwake. Mwayi wake ngwakuti "te ves" ndi "estás" sasintha kaya ndi "tú" kaya "vos".

Bambo Kamwendo: Ine ndikanakhala pa "usted". Mkazi wa mwini ameneyo.

Tadala ku Madrid: Bambo, akamulembera "usted" munthu amene ankadya naye nkhomaliro tsiku ndi tsiku, afunsa kuti kodi ndakulakwira chiyani.

Mayi Nachisale: Zimenezo aweruze ndi mauthenga akale a mnzakeyo. Timalize cha digiri. Ku Kolombiya pa chinthu chimene munthu wakwanitsa amati "¡Felicitaciones!", ndipo mwambo wolandira digiri amautcha "grado". Ndiye "¡Felicitaciones por tu grado!" ndi yakwawo kwenikweni. Muonjezere "Muy merecido", kunena kuti wayenera, kapena "Qué orgullo". Ku Mekisiko angati "Felicidades", ku Sipeni "Enhorabuena". "Felicidades" amadutsa paliponse, makamaka pa tsiku lobadwa.

Mukafuna kumufunira zabwino zam'tsogolo, mumayamba ndi "que" wopanda kamzere: "Que vengan muchos éxitos más", "Que lo disfrutes". Wa kamzere ndi wofuula, wopanda kamzere ndi wofunira mafuno. Ndipo mneni wake amasintha mathero, ndi "disfrutes" osati "disfrutas". Musavutike ndi chifukwa chake panopa, ingowalowezani athunthu monga mmene alili. Chinanso, ngati mukufuna kunena kuti mwasangalala naye, ndi "Me alegro mucho por ti". Liwu lakuti "excitado" lisapezeke, silitanthauza chisangalalo chimene mukuganizacho.

Zuze wa ku Tete: Timizere ndi chizindikiro chozondoka chija n'zofunikadi? Ine ndimaona eni ake akulemba "que linda!!" opanda chilichonse, mwinanso "q linda".

Tadala ku Madrid: Apa a Zuze mwalasa. Ambiri pafoni saika ¡ woyambayo, ndipo kamzere ka "qué" amakasiya. Kulemba zonse bwinobwino nthawi zina n'kumene kumaoneka ngati wachokera m'buku. Ine ndimati ¡ musiyeni, muike ! awiri kumapeto, zatha.

Mayi Nachisale: Pa ¡ ndivomera, mukhoza kumusiya. Pa timizere ayi. Mwini chilankhulo akasiya kamzere anthu amati waulesi, mlendo akasiya sadziwa pamene pasintha tanthauzo, monga taonera ndi mbatata ija. Ndipo ñ ndiye sakambirana. "Feliz año" ndi chaka chabwino. Mukalemba n wamba, mwatchula malo otulukira chimbudzi. Pa kiyibodi ya foni dinikizani n osachotsa chala, ñ atuluka. Chimodzimodzi a, e, i, o, u pofuna timizere, ndi ! pofuna wozondokayo.

Tadala ku Madrid: Pa ñ tagwirizana. Pa "qué" tidzakambirananso.

Chikondi B.: Nazi zimene ndakonza, mundionere komaliza. Kunyanja: "Qué belleza de lugar! Te ves feliz". Chakudya: "Qué delicia esa bandeja paisa! Saludos a tus papás". Digiri: "Felicitaciones por tu grado! Muy merecido. Un abrazo desde Malawi". Ndayang'ana mauthenga akale, amalemba "cómo estás". Koma "abrazo" ameneyu si kukumbatira? Sizipitirira muyeso?

Mayi Nachisale: Ndi kukumbatira, koma polemba ndi kutsanzika wamba kwa anzako, amuna okhaokha amalemberananso. Amene mungamusiye ndi "besos", kupsompsona. Zitatuzo zili bwino, tumizani. Kungoti musaike zonse mphindi imodzi, makamaka ngati cha kunyanjacho ndi cha miyezi yapitayo. Yambani ndi cha digiri. Akayankha "Gracias!!", kamtima n'kokwanira, "de nada" pamenepo amauma.

Bambo Kamwendo: Moni wa makolo ndauona ulipo. Koma kamzere kaja kali pa a womaliza eti? Maso angawa sakuona bwino.